Kulemba chidziwitso chosintha nthawi yogwirira ntchito mu ofesi: mafunso ndi mayankho

Nyengo yokolola ikamayandikira, maofesi ambiri a pa Kasungu boma amasintha nthawi yolowera ndi yowerukira, makamaka amene amagula mbewu kapena kugwira ntchito ndi alimi a fodya msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amavutitsa munthu amene wapatsidwa ntchito yolemba chidziwitsocho. Kuti mayankho asakhale a m'malere, tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndi ofesi yogula soya, mtedza ndi chimanga, ya antchito 18, imene imagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, kuyambira 7:30 m'mawa mpaka 4:30 madzulo. Kwa miyezi itatu ikufuna kuti izitsegula 7:00, kuweruka 4:00, komanso kutsegula theka la tsiku Loweruka.

Kodi chidziwitso chotere chiyenera kunena chiyani kwenikweni?

Polemba, musamaganizire za anthu amene munali nawo pamsonkhano, chifukwa amenewo nkhani akuidziwa kale. Ganizirani za dalaivala amene tsikulo anali ku Chamama kukatenga katundu, kapena kalaliki amene ali patchuthi kumudzi kwawo ku Santhe. Munthu ameneyo akaima pabolodi n'kuwerenga kamodzi, ayenera kuchokapo akudziwa tsiku limene kusinthaku kukuyamba, nthawi imene afike, nthawi ya nkhomaliro, nthawi yoweruka, tsiku limene zonse zibwerere mwakale, ndiponso ngati malipiro ake akukhudzidwa. Akachoka pabolodi n'kuyamba kufunafuna mnzake woti amufunse, ndiye kuti pepalalo silinagwire ntchito, ngakhale Chichewa chake chikome bwanji.

Kupatula zimenezi, payenera kuoneka amene walemba, tsiku limene walemba, anthu amene akukhudzidwa, chifukwa chake mwachidule, ndi munthu mmodzi woti afunsidwe mafunso. Zina zonse ndi zongodzaza pepala.

Mungationetse chitsanzo cha chidziwitso chathunthu?

Nachi cha ofesi yathu ija, monga mmene chingamatidwire pabolodi.

> CHIDZIWITSO KWA ANTCHITO ONSE
>
> Kuchokera kwa: Mkulu wa ofesi
>
> Tsiku: Lolemba, 13 Epulo 2026
>
> Nkhani: Nthawi yatsopano yogwirira ntchito kuyambira Lolemba, 4 Meyi 2026
>
> Kuyambira Lolemba pa 4 Meyi mpaka Lachisanu pa 31 Julayi 2026, tizilowa ntchito 7:00 m'mawa ndi kuweruka 4:00 madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Pakadali pano timalowa 7:30 ndi kuweruka 4:30. Nthawi ya nkhomaliro siyikusintha, ikhalabe 12:00 mpaka 1:00 masana.
>
> Pa nthawi yomweyi ofesi izitsegulidwanso Loweruka kuyambira 8:00 m'mawa mpaka 12:00 masana. Loweruka loyamba ndi la pa 9 Meyi, lomaliza ndi la pa 25 Julayi. Azibwera Loweruka ndi a pasikelo, a m'nkhokwe ndi makashiya okha, mosinthana m'magulu awiri monga tinagwirizana pamsonkhano wa Lachisanu pa 10 Epulo. Mayina a magulu ndi masiku awo amatidwa pambali pa chidziwitsochi.
>
> Malipiro a pamwezi sakusintha. Maola a Loweruka azilipidwa ngati ovataimu, ola limodzi kuwirikiza kawiri, pamodzi ndi malipiro a mwezi womwewo.
>
> Alonda apitiriza kugwira ntchito pa nthawi yawo ya masiku onse. Oyeretsa azilowa 6:30 m'mawa ndi kuweruka 3:30 masana.
>
> Tasintha chonchi chifukwa nyengo yokolola alimi amafika ndi mbewu m'mamawa kwambiri, ndipo amadikira nthawi yaitali sikelo isanatsegulidwe.
>
> Lolemba pa 3 Ogasiti 2026 tonse tibwerera ku nthawi yakale ya 7:30 mpaka 4:30, ndipo Loweruka sitizitsegulanso.
>
> Amene nthawi yatsopanoyi iwavute aonane ndi a ofesi yoona za antchito pasanafike Lachisanu pa 24 Epulo.

Pansi pake mkulu wa ofesi asaine ndi cholembera, adindepo ndi chidindo. Onani kuti zonsezi zikukwana pa tsamba limodzi. Onaninso kuti nkhani yeniyeni ili m'chiganizo choyamba. Palibe kuyamba ndi kuthokoza antchito chifukwa cha khama lawo kapena kufotokoza mbiri ya kampani. Ndimaona zidziwitso zambiri zimene nthawi yatsopano imabisala m'ndime yachitatu, pamene munthu wowerenga ali chiimirire pakhonde amakhala atasiya kale kuwerenga.

N'chifukwa chiyani mwalembanso nthawi yakale? Aliyense sakuidziwa?

Akuidziwa, koma munthu amamvetsa kusintha akaona zakale ndi zatsopano zili moyandikana. Mukangolemba kuti tiziweruka 4:00, wina aganiza kuti tsiku la ntchito lafupika. Mukangolemba kuti tizilowa 7:00, wina aganiza kuti mwamubera mphindi 30. Akaona 7:30 mpaka 4:30 pafupi ndi 7:00 mpaka 4:00, awerengera yekha n'kupeza kuti maola ake akadali 8 patsiku.

N'chimodzimodzi ndi zinthu zimene sizikusintha. Chiganizo chakuti nthawi ya nkhomaliro siyikusintha chimaoneka ngati chosafunika, koma mukachisiya, funso loyamba limene mulandire ndi lomwelo. Anthu ambiri amapita kukadya kunyumba kapena kukatenga ana kusukulu ya mkaka nthawi imeneyo, ndiye amafuna kudziwa.

Kodi nthawi ndi masiku tizilemba motani kuti pasakhale chisokonezo?

Lembani nthawi ndi manambala, muonjezere kuti m'mawa, masana kapena madzulo. Tsiku lilembedwe ndi dzina lake, deti, mwezi ndi chaka: Lolemba, 4 Meyi 2026. Musanasindikize, tengani kalendala mutsimikize kuti detilo likugwera tsiku limene mwatchulalo. Mukalemba Lolemba pa 5 Meyi pamene 5 Meyi ndi Lachiwiri, theka la ofesi libwera tsiku lina, theka tsiku linzake, ndipo onse akhala akulondola.

Pewani mawu monga mawa, sabata yamawa, kumayambiriro kwa mwezi, posachedwapa. Pepala limakhala pabolodi masabata angapo, ndipo wowerenga pa 27 Epulo akaona kuti sabata yamawa sadziwa ngati akunena sabata ya wolemba kapena yake. Pewaninso kulemba deti ndi manambala okhaokha ngati 4/5/26, chifukwa makompyuta ena ndi anthu ena amayamba ndi mwezi, ndiye amawerenga 5 Epulo.

Yang'ananinso maholide amene agwera mkati mwa nyengoyo. M'chitsanzo chathu muli tsiku la Kamuzu pa 14 Meyi ndi tsiku la ufulu pa 6 Julayi. Ngati ofesi itseke monga mwa nthawi zonse, palibe chifukwa chozilembera. Koma ngati mukufuna kuti sikelo igwire ntchito masiku amenewo, nenani poyera m'chidziwitso chomwechi, chifukwa ntchito ya pa holide ili ndi malipiro akeake.

Kodi bwana angathe kungosintha nthawi n'kumata pepala, popanda kufunsa aliyense?

Apa m'pamene maofesi ambiri amapunthwa, chifukwa amasokoneza kudziwitsa ndi kugwirizana. Lamulo loona za ntchito la m'dziko muno, la chaka cha 2000, limanena kuti wolemba ntchito apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza mfundo za ntchito yake, ndipo maola ogwirira ntchito ndi imodzi mwa mfundozo. Choncho musanalembe chilichonse, tulutsani makontirakiti m'mafayilo muwerenge zimene alemba pa nkhani ya maola ndi masiku.

Makontirakiti ena amangonena kuti wantchito azigwira maola 40 pa sabata pa nthawi imene ofesi yakonza. Zikatero, kusuntha nthawi yolowera ndi mphindi 30 sikukhudza mgwirizano wenweniwo, ngakhale kuti kukambirana kumakhalabe kwanzeru. Ena amatchula ndendende kuti Lolemba mpaka Lachisanu, 7:30 mpaka 4:30. Pamenepo kuonjezera Loweruka ndi kusintha zimene munasainirana, ndipo pepala la pabolodi palokha silingafufute siginecha ya munthu. Muyenera kukhala pansi ndi okhudzidwawo, mugwirizane, asaine. Ngati pantchito panu pali yuniyoni imene muli nayo mgwirizano, yambirani kumeneko.

Lamulo lomwelo limaika malire amene ngakhale mutagwirizana simuyenera kuwadumpha. Maola a ntchito pa sabata asapitirire 48, osawerengera ovataimu. Munthu asagwire ntchito masiku opitirira 6 otsatizana popanda kupuma maola 24 athunthu. Amene amagwira masiku 6 pa sabata, tsiku lake la ntchito lisapitirire maola 8. Mu ofesi yathu ija, wa pasikelo amene wabwera Loweruka wagwira maola 40 a mkati mwa sabata ndi 4 a Loweruka, onse pamodzi 44, ndipo Lamulungu wapuma. Ali mkati mwa malire. Koma mukanati aziweruka 5:30 m'malo mwa 4:00, tsiku likanakhala la maola 9 ndi theka, sabata ya masiku asanu yokha ikanafika maola 47 ndi theka, ndipo sabata imene wabwera Loweruka akanadumpha malire a maola 8 patsiku. Masamu amenewa achitidwe papepala chidziwitso chisanalembedwe.

Wantchito amene akuona kuti waponderezedwa ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imatha kukafika ku khoti loona milandu ya pantchito. Inunso olemba ntchito mutha kupita ku ofesi ya leba yomweyo kukafunsa musanasinthe kanthu. Kufunsa nkhani isanabuke n'kopepuka kusiyana ndi kukayankha mutaitanidwa.

Nanga za ndalama za Loweruka, n'kofunika kuzilemba m'chidziwitso? Si nkhani ya ku akaunti imeneyo?

Lembani ndithu. Munthu akamva kuti azibwera Loweruka, funso limene lili mumtima mwake ndi la ndalama, kaya alinena kaya salinena. Mukakhala chete, aliyense adzipangira yankho lake. Wina ayembekezera ovataimu, wina aganiza kuti ndi ntchito yaulere, ndipo kumapeto kwa Meyi pa tsiku la malipiro pabuka mkangano pamene nkhokwe ili yodzaza ndi soya wosasokedwa.

Lamulo limasiyanitsa mitundu ya ovataimu. Maola oonjezera pa tsiku wamba la ntchito amalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse. Maola ogwira pa tsiku limene munthu amayenera kupuma, komanso pa holide, amalipidwa kuwirikiza kawiri. Popeza antchito a ofesi yathu Loweruka amakhala akupuma, maola awo a Loweruka akugwera pa kuwirikiza kawiri. Tiyerekeze kuti malipiro a kashiya amakwana K1,500 pa ola. Loweruka ola lake likhala K3,000, maola 4 akhala K12,000. Kuyambira pa 9 Meyi mpaka pa 25 Julayi pali masiku a Loweruka 12, ndipo pokhala magulu awiri osinthana, kashiyayu abwera maulendo 6, zomwe zikupanga K72,000 pa nyengo yonse.

Ndalama za munthu aliyense payekha siziyenera kupita pabolodi, chifukwa malipiro ndi nkhani ya mwini wake. Pabolodi palembedwe kawerengedwe kokha ndi nthawi yolipira. Koma masamuwa mkulu wa ofesi awaone asanasaine. Zimachitika kuti akaonkhetsa ndalama za anthu onse a Loweruka amapeza kuti bajeti siikwana, ndipo ndi bwino azindikire izi pa 9 Epulo msonkhano usanachitike, osati atalonjeza kale papepala lodinda.

Mawu amene ndimadana nawo m'zidziwitso zotere ndi akuti za malipiro tidzakudziwitsani. Ngati nkhani ya malipiro sinathe kukambidwa, ndiye kuti nthawi yolemba chidziwitso sinakwane.

Tipereke chidziwitso kutatsala masiku angati?

Yambani mwaona ngati kontirakiti kapena buku la malamulo a pantchito panu likutchula nthawi yake, ndipo ngati likutchula, tsatirani limenelo. Ngati silikutchula, ine ndimalangiza masabata atatu, akachepetsetsa awiri. M'chitsanzo chathu chidziwitso chatuluka pa 13 Epulo, madandaulo alandiridwa pasanafike pa 24 Epulo, ndipo patsala sabata yathunthu yokonzera zimene zatuluka, ntchito isanayambe pa 4 Meyi.

Mphindi 30 zimaoneka zochepa kwa bwana amene amabwera pagalimoto kuchokera pafupi. Kwa mayi amene amayamba waperekeza mwana kusukulu, ndiye kuti apeze wina womuperekezera. Kwa amene amachokera cha ku Mtunthama kapena kutali mumsewu wa M1, ndiye kuti asinthe minibasi imene amakwera kapena agwirizane ndi wakabaza wina. Mwezi wa Juni kumachedwa kucha komanso kumazizira, moti amene amapalasa njinga ola lathunthu anyamuka kunyumba kusanayere bwino. Zonsezi zimatheka kukonzedwa, koma osati mutamva Lachisanu madzulo kuti Lolemba zinthu zasintha.

Ena amapemphera Loweruka, ena Lachisanu masana. Tizilemba mayina awo m'chidziwitso kuti iwo asabwere?

Ayi, mayina ndi zifukwa za munthu zisapite pabolodi. Nkhaniyi ithetsedwe pamsonkhano ndi pokonza magulu. A mpingo wa Adiventi sagwira ntchito Loweruka, ndipo m'maofesi ambiri mumapezeka mmodzi kapena awiri. Ngati wa pasikelo mmodzi ndi wa mpingowu, gwirizanani naye pamodzi ndi anzake mmene mumupatsire gawo lina la ntchito ya nyengoyi, ndipo dzina lake lingosowa pa ndandanda ya Loweruka popanda kulengeza chifukwa. Asilamu amapita ku mapemphero Lachisanu masana, choncho mukafuna kusuntha kapena kufupikitsa nthawi ya nkhomaliro, kumbukirani kuti Lachisanu si tsiku wamba kwa onse.

Mzere womaliza wa chidziwitso uja, wonena kuti amene nthawiyi iwavute aonane ndi wakuti pasanafike tsiku lakuti, unaikidwa chifukwa cha nkhani zoterezi. Pamsonkhano anthu salankhula zonse. Mayi woyamwitsa kapena bambo amene amalandira mankhwala kuchipatala m'mawa sangaimike dzanja pamaso pa anthu 18. Khomo lolowera payekha likhalepo, ndipo atalowa ayankhidwe. Si kuti aliyense apatsidwa chimene wapempha, koma amve kuti inde kapena ayi, ndi chifukwa chake, 4 Meyi isanafike.

Kodi chifukwa chosinthira chiyenera kulembedwa? Abwana athu amati safunika kudzifotokoza.

Chiganizo chimodzi chimakwana, koma chikhale choona komanso choti antchito achizindikire ndi maso awo. A pasikelo amadziwa bwino kuti pofika 6 koloko m'mawa pageti pamakhala pataima kale ngolo ndi njinga zosenza matumba. Mukalemba zimenezo, avomereza chifukwa amaziona. Mukalemba kuti tasintha pofuna kupititsa patsogolo ntchito zathu, simunanene kanthu, ndipo mphekesera zidzaza pamene mwasiyapo: akuti akufuna kuchotsa anthu, akuti kampani yagulidwa, akuti ndi chilango chifukwa cha ochedwa.

Musagwiritsenso ntchito chidziwitsochi podzudzula. Ngati pali anthu awiri amene amachedwa nthawi zonse, aitanidwe paokha. Kuika chiopsezo cha chilango m'chidziwitso cha nthawi yatsopano kumachititsa kuti anthu 16 osalakwa achiwerenge ngati kalata yowaimba mlandu.

Tilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Lembani m'chilankhulo chimene woyeretsa ndi wonyamula matumba amawerenga mosavutikira. M'maofesi ambiri a kuno chimenecho ndi Chichewa, ndipo kumpoto kwa boma, cha ku Nkhamenya, mungafunikenso Chitumbuka. Ngati likulu lanu likufuna Chingerezi cha m'fayilo, lembani zonse ziwiri, muzimate moyandikana. Kenako munthu wina, osati wolembayo, atenge cholembera afananitse nambala iliyonse ya m'mapepala awiriwo, deti ndi deti, ola ndi ola. Womasulira amasamala mawu n'kuiwala manambala, ndipo pepala lina likati 7:00 lina 7:30, aliyense asankha limene lamukomera.

Tili ndi gulupu ya WhatsApp ya ofesi. Kuponya pamenepo sikokwanira?

Sikokwanira, ngakhale kumathandiza. Si onse ali ndi foni yotsegula WhatsApp, ena amatha sabata alibe bandulo, ndipo uthenga wofunika umakwiririka msanga pansi pa mauthenga a maliro, mapemphero ndi moni wa m'mawa. Komanso uthenga wongotaipa pafoni umasinthika ukamatumizidwa kwa ena, ndipo suoneka ngati wachokera kwa mwini ofesi.

Njira imene imagwira ndi iyi. Pepala losainidwa ndi kudindidwa limatidwe pabolodi lalikulu, lina pafupi ndi buku losainira polowa, chifukwa pamenepo aliyense amawerama m'mawa uliwonse, ndipo lina kunkhokwe. Jambulani pepala lomwelo muponye chithunzi chake pagulupu. Kenako yendetsani ndandanda ya mayina onse 18, aliyense asaine ndi kulemba deti losonyeza kuti waona. Amene sadziwa kuwerenga, kapitawo wake amuwerengere ndi kumufotokozera asanasaine kapena kudinda chala. Amene ali patchuthi kapena kumunda aimbiridwe foni, ndipo woimbayo alembe pa ndandanda tsiku limene analankhula naye.

Pamwamba pa ndandandayo lembani momveka kuti kusaina kukutanthauza kuti munthu walandira uthenga. Ngati pali ena amene akufunika kuvomereza kusintha kwa kontirakiti yawo, chimenecho chikhale chikalata china. Mukaphatikiza ziwirizi, ena akana kusaina poopa kuti akudzimanga, ndipo ena adzanena pambuyo pake kuti munawasainitsa mowanamiza.

Chotsaninso pabolodi pepala lakale la nthawi yogwirira ntchito pa tsiku limene zatsopano zikuyamba. Likatsala pambali pa latsopano, wina adzaloza limenelo.

Mwatchula alonda ndi oyeretsa paokha. Chifukwa chiyani?

Chifukwa mawu akuti antchito onse amabisa anthu amene ntchito yawo imayamba ena asanafike kapena kutha ena atachoka. Ofesi ikamatsegula 7:00, woyeretsa amene amalowa 7:00 kuti akolope anzake asanabwere ayenera kusunthidwa nayenso, ndipo nthawi yake yoweruka isunthidwe mofanana kuti maola ake asachuluke mwakachetechete. Wosunga makiyi afike ena asanafike. Mlonda wa usiku amene amapereka geti kwa wamasana ayenera kudziwa ngati nthawi yosinthana ikusuntha kapena ayi, ndipo ngati alonda anu ndi a kampani ina yachitetezo, kampaniyo ilemberedwe kalata yakeyake.

Musanasindikize, yendani m'maganizo tsiku loyamba kuyambira pageti. Ndani atsegule? Ndani ayatse makompyuta ndi kuyesa sikelo? Kashiya akhala ndi ndalama zolipirira alimi 7 koloko, pamene banki sinatsegule? Ngati ndalama zizitengedwa dzulo lake, zigona kuti, ndipo Loweruka zichokera kuti? Zina mwa izi sizilowa m'chidziwitso, makamaka za ndalama zimene siziyenera kulengezedwa pabolodi, koma zikapanda kukonzedwa anthu afika 7:00 n'kukhala pakhonde mpaka 8 koloko, ndipo sabata yachiwiri palibe adzafulumirenso.

Tingadziwe bwanji kuti chidziwitso chathu n'chomveka tisanachimate?

Perekani pepalalo kwa munthu mmodzi amene sanali pamsonkhano, makamaka wa ntchito yapansi, osati mnzanu wa mu ofesi. Awerenge kamodzi, mulitenge, kenako mumufunse: "Achimwene, Lolemba pa 4 Meyi mufika nthawi yanji? Loweruka mubwera? Ndalama zanu zisintha? Zimenezi zitha liti?" Akayankha zonse osakaika, sindikizani. Akakanda mutu pa funso limodzi, vuto lili m'chiganizo chimenecho, ndipo mukonze pepala m'malo momufotokozera pakamwa.

Mukamata, mvetserani mafunso a masiku awiri oyamba. Funso limodzi likachokera kwa anthu atatu osiyana, ndiye kuti pepala lili ndi bowo. Mwachitsanzo, a ku akaunti akamafunsa ngati nawonso azibwera Loweruka, ndiye kuti mawu akuti makashiya sanasiyanitse bwino amene amalipira alimi pawindo ndi amene amalemba mabuku.

Tamata kale, kenako tapeza cholakwika kapena tsiku loyamba lasintha. Tichite chiyani?

Musafufute ndi cholembera papepala lomwe lili pabolodi, chifukwa palibe angadziwe ngati wakonza ndi bwana kapena munthu wongodutsa. Lembani chidziwitso chatsopano chathunthu chokhala ndi deti lake, ndipo mzere woyamba unene kuti chikulowa m'malo mwa cha pa 13 Epulo, ndi kutchula chimene chasintha. Chotsani chakale paliponse pamene munamata, ponyani chithunzi chatsopano pagulupu, ndipo ndandanda yosainira iyendenso. Ngati nyengo yogula yatalika ndipo mukufuna kupitirira 31 Julayi, chitani chimodzimodzi masabata awiri tsikulo lisanakwane, mutakambirananso ndi a Loweruka aja, chifukwa iwo anavomera masiku 6 okha aliyense.

Nanga amene achedwa sabata yoyamba, tiwalange?

Lachisanu pa 1 Meyi ndi holide ya tsiku la apantchito, choncho chikumbutso chomaliza chiperekedwe Lachinayi pa 30 Epulo anthu asanaweruke, apo ayi padutsa masiku atatu osaonana. Lolemba mkulu wa ofesi akhale woyamba kufika. Sabata yoyamba lembani ochedwa m'buku monga mwa nthawi zonse, koma yambani ndi kuwafunsa chimene chachitika. Anthu anayi ochokera mbali imodzi akamachedwa mofanana, vuto ndi mayendedwe, ndipo mungalithetse pogwirizana ndi wa galimoto mmodzi kapena kuwalola mphindi 15 zimene azibweza madzulo. Munthu mmodzi yekha akamachedwa tsiku ndi tsiku pamene anasaina ndipo sanabweretse dandaulo lililonse, pamenepo malamulo a pantchito panu agwire ntchito monga amachitira nthawi zonse.

Alimi ndi makasitomala awerenge chidziwitso chomwechi?

Ayi, iwo alemberedwe chawo, chachifupi komanso cha zilembo zazikulu, chimatidwe pageti ndi pawindo la kashiya. Chinene masiku otsegula, nthawi imene sikelo iyambe, ndi nthawi imene thumba lomaliza lilandiridwe. Nthawi yomalizayi isafanane ndi yoweruka. Ngati antchito akuweruka 4:00, lembani kuti sikelo itseka 3:00 masana, ndipo Loweruka 11:00 m'mawa, kuti patsale ola loyeza amene ali kale pamzere, kulipira, kuwerenga ndalama ndi kutseka mabuku. Mukalemba 4:00 pageti, mlimi amene wafika 3:55 ndi ngolo yodzaza ali ndi chifukwa chomveka chokana kubwerera, ndipo kashiya aweruka kutada. Uthenga womwewu upite kwa atsogoleri a makalabu a alimi sabata imodzi 4 Meyi isanafike, kuti aufikitse kumidzi kumene pepala la pageti silifika.